Lachisanu: tatola mayina a sikireti furendi

Lero ku ofesi ntchito inayenda mpaka 12 koloko basi, kenako tonse tinaunjikana mu chipinda cha tiyi kukambirana za sikireti furendi ya chaka chino. Tilipo 14 amene tavomera, awiri anakana ndipo palibe anawafunsa chifukwa, Disembala ino wina ali ndi fizi ya Januwale pamutu, wina feteleza wobereketsa sanagule, ndiye zokakamizana ayi.

Mkangano unali pa ndalama. Abwana amati aliyense agule momwe mtima wake wafunira, amayi a ku akaunti anakana pomwepo: "Bwana, inu mukagula fulasiki ya mtengo, amesenjala akagula sopo, ndiye tsiku lotsegula mphatso ena adzayang'ana pansi." Tagwirizana K15,000 ngati denga, koma chomwe ambiri amaiwala nchakuti pamafunikanso pansi pake, apo ayi wina adzabwera ndi kapu ya K2,000 nkumati sindinapyole malire. Ndiye pansi taika K12,000. Pepala lokutira ndi selotepi zili momwemo, zosaonjezera pambali. Ndalama yeniyeni, mayunitsi kapena kungotumiza pa Mpamba ndi Airtel Money takana, chifukwa zikatero aliyense wapereka 15 walandira 15, palibe chachitika.

Kenako katoledwe. Njira yozolowereka ija yolemba mayina, kupinda, kuponya mu chipewa ili ndi vuto. Kaya muli 10 kaya 40, pafupifupi kawiri pa katatu kalikonse pamapezeka munthu wotola dzina lake lomwe. Akabweza nkutolanso ena aona kale ndipo ayamba kuwerengera, ndiye choipa kwambiri nchakuti womaliza akapeza dzina lake mulibenso china mchipewamo, muyambirenso nonse.

Achimwene a ku sitolo ndi amene anabwera ndi njira ya manambala, ndaikonda. Anadula makadi 14 pa katoni. Pa kadi lililonse nambala imodzi yalembedwa kawiri, kumtunda "Ndine 9", kumunsi "Ndigulira 9". Anawatembenuza onse chafufumimba, kuwasakaniza, nkuwandandalika mzere umodzi pa tebulo. Kenako sizasi, kudula kadi lililonse pakati osalitembenuza. Zidutswa zakumtunda zonse anazisuntha malo amodzi kumanja, chakumapeto nkuchibweretsa koyambirira, basi nkumenya sitepula chilichonse ndi chakumunsi chomwe chakumana nacho. Tinene kuti mzere unagona 4, 9, 3: ukasuntha, "Ndine 4" akumana ndi "Ndigulira 9", "Ndine 9" akumana ndi "Ndigulira 3". Palibe angadzigulire yekha chifukwa chidutswa chilichonse chachoka pa mnzake, ndipo wodulayo naye sakudziwa kanthu poti zonse zinali zoyang'ana pansi. Chongosamala nchakuti katoni ikhale yokhuthala, pepala wamba maka imaonekera kuseri.

Aliyense anatola kadi limodzi nkukaliwerengera pakona. Pakhoma tamata pepala la manambala 1 mpaka 14, umalemba dzina lako pa nambala yakumtunda ija, ndi zinthu zitatu zomwe ungakondwere nazo zosapyola K15,000. Nambala yakumunsi ndi chinsinsi chako, umangosuzumira pakhoma kuona kuti ndi ndani. Zinthu zitatuzo nzothandiza heve, ine ndatola munthu amene timangopatsana moni, ndikanadziwa bwanji kuti akufuna ambulera? Wina analemba nsapato tinamuuza afufute, za saizi zimavuta ndipo ku msika sabweza.

Funso linabwera loti tidziwa bwanji kuti munthu wasunga malire poti mumsika wa Kasungu sapereka lisiti. Apa tapempha mmodzi mwa awiri osasewera aja akhale woyang'anira. Mphatso izipita kwa iwo isanakutidwe, aione, akaona kuti chitenje nchopyapyala chosafika 12 anene kuti onjezerani kenakake, akaona chapyola kwambiri abweze, olo chikhale cha abwana. Wogula akutira pamaso pawo nkulemba nambala ya wolandira yokha, dzina la wogula ayi.

Tsiku lopatsana taika malipiro atalowa, koma mphatso zonse zifike masiku awiri lisanakwane tsikulo, kuti woyang'anira awerenge manambala nkuona yomwe ikusowa nthawi ikadalipo. Wosabweretsa, yake imasungidwa kaye mpaka abweretse. Tasonkhanso K1,000 aliyense yogulira mphatso imodzi yapadera, kuti wina akadwala kapena kupita kumaliro mnzake asadzakhale manja lende, ikapanda kugwira ntchito tidzagula zakumwa.

Poweruka ndinadutsa mumsika kufunsa mitengo mvula ikuwaza. Ambulera yolimba ndaipeza koma yokha siyikufika 12, ndiye mawa ndikaonanso chachiwiri pa mndandanda wawo, analemba tochi yochaja.