Zidutswa 21 m'mafulashi anayi: pamene ndafika ndi makanema a banja lathu

Ntchito yosamutsira matepi akale a kwathu pa kompyuta ndinaimaliza mwezi watha. Tsopano ndili ndi foda imodzi ya magigabaiti 36.5 monga momwe laputopu yanga imawerengera. Muli zithunzi, nyimbo za kwaya ya amayi, ndi kanema wa ukwati wa achemwali anga, yemwe payekha ndi fayilo ya magigabaiti 11. Achemwaliwo akufuna zonse, koma kutumiza pa intaneti kungatimalizire bandulo ya miyezi. Zomwe ndili nazo ndi mafulashi anayi: awiri a magigabaiti 16, imodzi ya 8 ndi kena kakale ka 4.

Lachiwiri madzulo

Ndinayamba ndi kungokopera kanema wa ukwati uja pa fulashi ya 16. Anayenda bwinobwino mpaka kufika pa magigabaiti anayi, kenaka kukopera kunaima ndipo panatuluka mawu akuti `File too large`, chonsecho malo analipo ambiri. Vuto silinali malo ayi. Mafulashi onsewa ndi a FAT32, dongosolo losungira mafayilo pa fulashi, ndipo FAT32 silola fayilo imodzi kupitirira mabaiti 4,294,967,295. Ndikanatha kuwafufuta n'kuwasandutsa exFAT, yomwe ilibe malire amenewa, koma awiri mwa iwo ndi obwereka, ndipo eni ake amamverera nyimbo pa wailesi ya m'galimoto yomwe imawerenga FAT32 yokha. Chinthu cha mwini sindingachisinthe. Ndiye ndinaganiza zomanga zonse mtolo umodzi ndi pulogalamu ya 7-Zip n'kuudula zidutswa.

Lachinayi

Apa ndi pamene ndinataya usiku wonse. M'mutu mwanga munali malire a FAT32 okha, choncho ndinasankha zidutswa zazikulu zongotsala pang'ono kufika pa malirewo. Ndinalemba `-v3900m` ndipo panatuluka zidutswa 10. Chilichonse FAT32 inachilandira, koma nditayamba kugawa m'mafulashi, zinakana kukwana.

Chifukwa chake ndi kawerengedwe. Wopanga fulashi akalemba 8 pachikuto, amatanthauza mabaiti 8,000,000,000, ndipo malo enieni olembapo nthawi zambiri amacheperako pamenepo. Koma kwa 7-Zip, `m` imodzi ndi mabaiti 1,048,576. Ndiye chidutswa changa chimodzi chinali mabaiti 4,089,446,400. Pa kafulashi ka 4 sichinalowe n'komwe. Pa ya 8 panalowa chimodzi chokha, chachiwiri chinapitirira pang'ono, ndipo pafupifupi theka la fulashiyo linangokhala. Pa za 16 panalowa zitatu zitatu. Kuphatikizapo chomaliza chomwe chinali chocheperako, zinalowa zisanu ndi zitatu, ziwiri zinatsala pa laputopu, pamene malo opanda kanthu m'mafulashimo anali ochuluka kuposa zotsalazo. Zili ngati kulongedza maungu m'madengu: aakulu amasiya mipata yomwe sungaikemo kanthu.

Loweruka

Ulendo uno ndinayambira ku kafulashi kakang'ono kwambiri. Ndinayang'ana mabaiti enieni opanda kanthu pa iliyonse, n'kufunafuna kukula koti kalowe kawiri mu ka 4, kanayi mu ya 8, ndi kasanu n'katatu mu za 16. Ndinakhazikika pa 1800, omwe ndi mabaiti 1,887,436,800. Ziwiri zimakwana 3,774,873,600, zinayi 7,549,747,200, ndipo zisanu ndi zitatu 15,099,494,400. Ponseponse pamatsala kampata kopumira.

```
7z a -mx=0 -v1800m banja.7z Banja/
```

Panatuluka `banja.7z.001` mpaka `banja.7z.021`. Zidutswa 20 n'zofanana, chomaliza n'chocheperako chifukwa chimangotenga zotsala. Malo anali a zidutswa 22, ndiye mpata wa chimodzi unatsala.

Za `-mx=0` ndinene pang'ono. Imauza pulogalamuyo kuti ingomanga mtolo osayesa kufinya. Lachinayi lija ndinaiwala kuiika, laputopu inatentha kwa maola angapo, ndipo mtolo unachepa pang'ono kwambiri moti sizinathandize kanthu. Makanema a MP4, nyimbo za MP3 ndi zithunzi za JPEG zimakhala zofinyidwa kale. Popanda kufinya, ntchito inatha mofulumira kwambiri, liwiro lake linangodalira disiki.

Chinthu china chomwe ndinachiona mochedwa ndi malo pa laputopu yomwe. Zidutswa zimalembedwa pambali pa foda yoyamba, ndiye ndinafunika magigabaiti ena 36.5 opanda kanthu. Ndinachita kufufuta zidutswa za Lachinayi kuti zatsopano zipeze pokhala.

Lamulungu

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi njira imeneyi n'chakuti zidutswazi si mafayilo oima paokha. Chidutswa cha nambala 9 sichitseguka pachokha kuti uone zithunzi zili m'menemo. Ndi mbali chabe ya fayilo imodzi yomwe yadulidwa pamene mabaiti anakwanira, mwina pakati penipeni pa kanema. Komanso mndandanda wa zomwe zili mu mtolo wa 7z umakhala kumapeto. Chidutswa chomaliza chija, chaching'ono kuposa zonse, chikasowa ndiye kuti pulogalamu singadziwe n'komwe zomwe zili m'zinzake 20.

N'chifukwa chake ndisanakopere ndinatenga kaye chidindo cha chidutswa chilichonse. Chidindochi ndi mzere wa manambala ndi zilembo wowerengedwa kuchokera m'kati mwa fayilo, ndipo baiti imodzi ikasintha, nachonso chimasinthiratu.

```
sha256sum banja.7z.0* > zidindo.txt
```

Kafayilo ka `zidindo.txt` ndinakaika pa fulashi iliyonse. Ndikamaliza kukopera, ndinkatulutsa fulashiyo mwadongosolo, kuizula, kuibwezeranso, kenaka n'kuyesa:

```
sha256sum -c --ignore-missing zidindo.txt
```

Kuzula ndi kubwezeraku n'kofunika. Ukayesa pomwepo utangokopera, kompyuta ikhoza kuwerenga zomwe ikusungabe m'chikumbumtima chake m'malo mowerenga pa fulashi, n'kukuuza kuti zonse zili bwino.

Mafulashi atatu anapereka `OK` pa mzere uliwonse. Ya 16 yachiwiri inaonetsa `banja.7z.014: FAILED`. Ndinayang'ana kukula kwake ndipo kunali kofanana ndendende ndi zinzake, moti ndi maso sindikanadziwa kanthu. Ndinachifufuta n'kukoperanso kudzera pa doko lina la laputopu, chifukwa loyambalo limagwedera, ndipo ulendo wachiwiri chinadutsa. Chikanalepheranso ndikanaikayikira fulashiyo. Chomwe chandikhutiritsa n'chakuti ndinabwereza chidutswa chimodzi chokha cha 1800, osati mtolo wonse. Ichi n'chifukwa chinanso chomwe ndakondera zidutswa zazing'ono.

Lolemba

Ndinayeseza zomwe achemwali akachite. Ndinabwereka disiki ya mnzanga kwa tsiku limodzi, n'kukopera zidutswa zonse 21 kuchokera m'mafulashi kupita mu foda imodzi, osasintha dzina la chilichonse. Kenaka:

```
7z t banja.7z.001
7z x banja.7z.001
```

Umangotchula choyamba, zinazo pulogalamu imazitsata yokha malinga ndi manambala. Lamulo loyambalo limangoyesa osatulutsa kanthu, ndipo linamaliza ndi `Everything is Ok`. Nditamasula, kanema wa ukwati ndinamuonera koyambirira, pakati ndi kumapeto, ndipo amayenda bwino.

Ndawalembera achemwali kapepala ndi kukamata pa emvulopu. Kakunena kuti aike 7-Zip pa Windows yawo, asonkhanitse zonse pamodzi asanatsegule `.001`, ndipo akhale ndi malo osachepera magigabaiti 73, chifukwa zidutswa ndi zomasulidwa zimakhalira limodzi mpaka atafufuta zidutswazo. Ndawachenjezanso kuti asamasulire pa fulashi ya FAT32, poti kanema uja akakanidwanso monga anandikanira ine.

Mpata wa chidutswa chimodzi uja ukadalipo pa fulashi ya 16 yachiwiri. Ndikufuna kuyesa `par2`, yomwe imapanga mafayilo owonjezera okonzera mbali yowonongeka, kuti chidutswa chikavulala panjira achemwali asadikire basi ina. Mafulashi anyamuka Lachisanu, ndiye ndili ndi madzulo atatu oyesera.