Deti la Mwana Likatembenuka mu Sipuredishiti

Pa maphunziro anga a kasungidwe ka zolemba za chipatala kuno ku Chipata, gulu lathu ladzipereka kukopera makaundula a kiliniki ina ya kumudzi mu sipuredishiti imene tonse tizilembamo. Tizipita Loweruka lililonse mvula isanayambe mu Novembala, chifukwa ikagwa msewu wa kumeneko sudutsika. Ine andipatsa kukonza pulani, ndipo ndasankha kuti tiyambe ndi buku limodzi lokha, la sikelo ya ana.

Za chilolezo n'zachidule. Kalata ichokere ku ofesi ya zaumoyo ya boma lathu, a nesi oyang'anira kiliniki avomere, mabuku asatuluke m'chipindamo ndipo wina asajambule tsamba pa foni. Lamulo la Zambia la 2021 loteteza zinsinsi za anthu limaika nkhani za thanzi m'gulu lofunika chisamaliro chapadera, choncho mayina a ana ndi a amayi awo salowa mu sipuredishiti. Tizilemba nambala ya mwana ya m'kaundula basi. Ndi bwinonso choncho, poti a Phiri ndi a Banda m'buku limodzi ndi ambirimbiri.

Chimene chandidyera nthawi ndi madeti. A nesi amayamba ndi tsiku kenako mwezi, koma sipuredishiti ikakhala pa kawerengedwe ka ku Amereka imayamba ndi mwezi. Tiyerekeze mwana wobadwa pa 5 Malichi 2023, m'buku alemba 05/03/2023. Katemera woyamba wa Penta, woteteza ku matenda asanu, amabayidwa mwana akakwanitsa milungu 6, ndiwo masiku 42. Uyu tinene kuti anabayidwa pa 18/04/2023, patapita masiku 44. Kompyuta itenga tsiku lobadwa ngati 3 Meyi, ndipo deti la katemera ilisiya ngati mawu wamba chifukwa kulibe mwezi wa 18. Apa vuto limaonekera: deti limene yalimva limakhala kudzanja lamanja la kabokosi, limene yalikana limatsamira kumanzere, ndipo ukachotsera imalemba `#VALUE!`.

Oopsa ndi madeti amene manambala ake onse sapitirira 12, chifukwa kompyuta imangowalandira osadandaula. Mwana yemweyo akanabayidwa pa 02/05/2023, kutanthauza 2 Meyi, masiku enieni ndi 58. Kompyuta iwerenga 5 Febuluwale, ndiye kuti mwana wabayidwa kutatsala masiku 87 kuti abadwe! Munthu wongoyang'ana tsambalo sangaone kanthu, madeti onse ali bwinobwino kumanja.

Mankhwala ake ndi oyamba kumwa ntchito isanayambe. Mu Google Sheets munthu mmodzi atsegule File, Settings, asinthe Locale ikhale United Kingdom, kumene deti limayamba ndi tsiku. Kusintha pambuyo sikukonza zimene zalowa kale molakwika, kumangosintha maonekedwe. Kenako pambali pa mzere uliwonse pakhale mabokosi awiri olondera, C ikakhala tsiku lobadwa, F tsiku la Penta woyamba:

```
=ISNUMBER(C2)
=F2-C2
```

Loyamba likalemba `FALSE`, si deti limenelo. Lachiwiri likatsika pansi pa 42, tibwerere ku buku. Mwina wokopera waphonya, mwina m'bukumo ndi mmene munalembedwera. Zikakhala za m'buku sitikonza ife. Tikopera mmene zilili n'kulemba ndemanga pambali, a nesi adzayerekeze ndi khadi la mwana mayi akadzabwera ku sikelo. Anzanga ena akuti uku n'kuchedwetsa ntchito, koma ine sindiona kuti wophunzira wobwera Loweruka lokha ali ndi mphamvu yosintha zolemba za chipatala.

Nambala ya mwana nayo ili ndi msampha womwewo. Ikalembedwa ngati 12/23, kompyuta ingaisandutse deti, ndipo 007 imasanduka 7. Mabokosi amenewo aikidwe pa Plain text kuyambira pachiyambi.

Tizikhala awiriawiri, wina kuwerenga mokweza ndi rula pansi pa mzere, wina kutayipa, chifukwa masamba ndi otambalala ndipo diso limalumphira mzere wa mwana wina mosavuta. Wowerenga azitchula dzina la mwezi, osati nambala yake. Pamene a nesi sanalembe kanthu tisiye popanda kanthu, koma pamene inki inafufutika ndi madzi tilembe mu ndemanga kuti sipakuwerengeka, pakuti mwana wosabayidwa ndi tsamba lonyowa ndi nkhani ziwiri.

Loweruka loyamba ndi loyesera: masamba ochepa, tione kuti awiri amamaliza mizere ingati pa ola, ndipo masabata otsatira tiwagawe potengera pamenepo. Tikamaliza mwezi umodzi wa m'buku, tiwerenge ana a Penta woyamba n'kuyerekeza ndi zimene kiliniki inatumiza pa HIA2, fomu ya lipoti la ntchito za kiliniki, ya mwezi womwewo. Zikasiyana, tiyambe kufunsa ngati ana obayidwa ku midzi pa maulendo a katemera analembedwa m'buku lomweli kapena pa mapepala ena, tisanapite ku mwezi wotsatira.