Bulufeni, indosidi ndi jakisoni: sabata ya ku wodi ya abambo

Sabata yathayi ndinali ku wodi ya abambo pachipatala chathu cha boma, komwe ndimagwira ntchito ngati kiliniko ofesa. Odwala malungo ndi chibayo analipo monga mwa masiku onse, koma amene anandidyera nthawi ndi bambo wina wa kabaza, wazaka 61, amene anabwera Lolemba atamugwirizira mkazi wake. Dandaulo linali chizungulire basi. Akaimirira, m'maso mumada.

Nditakoka chikope, mkati munali moyera mbuu. Mtima umagunda ka 118 pa mphindi, kuthamanga kwa magazi kunali 95/60. Ndinafunsa za chimbudzi. Bamboyo anayang'ana kumbali, mayi ndi amene anayankha: "Adokotala, masiku ano chikutuluka chakuda bii, chomata ngati phula la pamsewu, fungo lake losapiririka." Ameneyo ndi magazi amene atuluka m'chifu n'kugayika podutsa m'matumbo. Mapilisi oonjezera magazi nawonso amadetsa chimbudzi, koma sichimata ndiponso sichinunkha choncho, ndipo bamboyu sankamwa amenewo. Ku labu anapeza kuti magazi ali pa 6.4, pomwe mwamuna wabwinobwino amayenera kukhala pa 13 kapena kuposa.

M'buku lake la kuchipatala munalibe mankhwala aliwonse okayikitsa. Nkhani inali m'kajumbo kamene mayi ananyamula. Msana unayamba kumuvuta miyezi ingapo yapitayo, ndiye ankagula bulufeni pa golosale, mapilisi a 400 mg, n'kumamwa awiri m'mamawa asanakwere njinga, ena awiri madzulo. Ataona kuti sizikusintha, mnzake wa pa siteji anamuuza za indosidi, tija timakapusozi timene anthu amati ndi ta nyamakazi, naye anawonjezera. Kenaka anakabayitsa jakisoni wa daikilofenaki pa kiliniki ina yolipira. Kwa iye amenewa anali mankhwala atatu osiyana. Kwa chifu chake anali amodzimodzi omwa katatu, chifukwa ibupulofeni amene timamutcha bulufeni, indosidi, daikilofenaki ndi asipilini ndi banja limodzi ndipo amagwira ntchito mwa njira imodzi.

Tinamuika madilipi, tinamupatsa omepurazo, mankhwala ochepetsa asidi m'chifu, ndipo usiku womwewo anayamba kulandira magazi. Zam'kajumbo zonse tinaletsa. Za msana tinamusiyira panado, amene sali m'banja limeneli ndipo sabweretsa zilonda m'chifu.

Lachiwiri poyendera odwala, mayi aja anandiimitsa. "Komatu adokotala, ine ndimaonetsetsa kuti adye kaye nsima asanamwe. Nanga zalakwika pati?" Funso limeneli ndi limene ndimafuna aliyense alimvetse, chifukwa ambiri timaganiza kuti pilisi limapsereza chifu pamene lagwera. Zimenezo zimachitikadi pang'ono, koma vuto lenileni limadzera m'magazi.

Chifu chimatulutsa asidi wamphamvu wogayira chakudya. Kuti asidiyo asadye chifu chenichenicho, khoma lake la mkati limakutidwa ndi madzi olenda, pansi pake pamatuluka timadzi tina tofooketsa asidi, ndipo magazi amayenda ochuluka kuti pamene panyuka pazipola msanga. Zonsezi zimayendetsedwa ndi tinthu timene thupi limapanga, totchedwa pulositagalandini. Tsoka lake, tinthu ta mtundu womwewu ndi timene timachititsa kuti bondo lotupa lipweteke komanso thupi litenthe. Bulufeni amathetsa ululu potseka njira yopangira pulositagalandini, ndipo sasankha malo. Akatseka kumsana, watsekanso kuchifu. Madzi olenda aja amachepa, magazi ofika pakhoma amachepa, koma asidi akutulukabe. Amayamba ndi timikwingwirima, kenaka chilonda, ndipo chilondacho chikakumba mpaka kufika pa mtsempha, magazi amayamba kutuluka. Pamwamba pa apo, mankhwalawa amafooketsa tizigawo ta magazi timene timathandiza kuti aundane pabala. Asipilini ndiye woposa, mphamvu yake pa tizigawo timeneti imatha sabata yathunthu kapena kupitirira.

N'chifukwa chake jakisoni sapulumutsa. Sadutsa pakamwa, inde, koma magazi amamufikitsa kuchifu chimodzimodzi. Kudya kaye kumathandiza kuti munthu asamve nseru ndi chilungulira, ndipo ndimalimbikitsabe, koma nsima singatseke njira ya m'magazi. Mayi aja anangogwira pakamwa. Sanalakwe kanthu, anachita zimene aliyense amauzidwa pa windo lolandirira mankhwala, ndipo ine ndimaona kuti mawu oti "muzimwa mutadya" timawanena ngati ndiwo chitetezo chonse.

Chinanso chimene chinandikhudza n'chakuti bamboyu sanadandaulepo za m'mimba. Ena amamva kuwotcha pansi pa chifuwa, kudzimbidwa, kapena nseru, ndipo amenewo ali ndi mwayi chifukwa amasiya msanga. Koma ambiri amene chilonda chawo chabwera ndi mankhwalawa samva chilichonse mpaka tsiku losanza magazi kapena lotuluka chimbudzi chakuda.

Lachitatu ndinathandizako mbali ya odwala oyendera. Panabwera mtsikana wa ku sekondale amene amamwa bulufeni masiku awiri kapena atatu pamwezi chifukwa cha cham'mimba cha kumwezi, akuopa kuti adwala zilonda. Ndinamuuza apitirize: 400 mg katatu pa tsiku, osapitirira 1,200 mg, kwa masiku ochepa, kwa munthu wachinyamata wopanda vuto lina, chiopsezo n'chochepa. Pambuyo pake panalowa agogo azaka za m'ma 70 a nyamakazi ya m'mawondo, amene akumwanso asipilini wamng'ono wa mtima, akupempha "a mphamvu aja". Amenewo ndinawakaniza, ngakhale ananyinyirika. Ukalamba, kudwalapo zilonda za m'mimba kale, kuphatikiza awiri a m'banja limodzi, kumwa limodzi ndi mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa puledinisoloni kapena mankhwala osungunula magazi, mowa, ndi kumwa kwa masabata ambiri, ndi zimene zimasintha pilisi wamba kukhala woopsa. Kwa munthu wotere, ngati palibiretu kuchitira mwina, timapereka mlingo wochepa limodzi ndi omepurazo wa 20 mg tsiku lililonse, tikuyang'aniranso impso, poti nazonso zimadalira pulositagalandini.

Pofika Lachinayi bambo wa kabaza uja magazi anali atakwera kufika pa 8.5, mtima utakhazikika, chimbudzi chikuyamba kusintha mtundu. Komabe sindinafune kungoti nkhani yatha. Kuno kwathu wosanza kapena kutaya magazi chotere akhoza kukhalanso ndi mitsempha yotupa ya kum'mero, imene imabwera chiwindi chikawonongeka ndi likodzo kapena mowa. Ndinapapasa pamimba kufuna zizindikiro za chiwindi chowonongeka, koma kapamba sanali wotupa, madzi munalibe, choncho chilonda ndicho chinali patsogolo. Chotsimikiza ndi kuunika ndi kachubu ka kamera kodzera kukhosi, ndipo zimenezo tinamulembera kalata yopita ku chipatala chachikulu. Kumeneko akayezanso kachilombo ka m'chifu kotchedwa H. pylori, kamene anthu ambiri kuno ali nako osadziwa. Kakakumana ndi mankhwala a banja la bulufeni, mpata wa chilonda umakula, ndipo kamafuna mankhwala akeake opha tizilombo limodzi ndi omepurazo.

Lachisanu tinamutulutsa ndi omepurazo wa masabata 8, mapilisi oonjezera magazi ndi panado. Ndinamuchenjeza kuti oonjezera magaziwo adzadetsa chimbudzi, ndiye aziyang'ana kumata, fungo ndi chizungulire. Pachikuto cha buku lake ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu mayina onse anayi oti asamwenso, ndi kumuuza kuti azionetsa paliponse pamene akulandira kapena kugula mankhwala. Anafunsa ngati ofikisa pamsana nawonso ndi oletsedwa. Amenewo amalowa m'magazi pang'ono chabe, ndiye ndinati tidzakambirana akabwera ndi zotsatira za kuunika kuja. Za njinga ndinamuuza aiwale kaye mpaka tidzayezenso magazi pakatha masabata awiri.