Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: mkazi wanga akuti ali mu madigiri

Paja gawo lathali ndinalekezera pomwe ndinasamuka ku hositelo nkukayamba lendi ku Kothrud, mu mzinda wa Pune kuja. Eni nyumba anali madala ena opuma pa ntchito ya njanji, aliyense ankawatchula kuti a Kaka, ndiye ine ndinangotengera pompo. Madzulo aliwonse pakhonde pawo sipankasowa anthu, makamaka azimayi atanyamula mapepala a ana awo ofuna banja, chifukwa a Kaka ankadziwa Jotishi, kuwerenga nyenyezi kwa chimwenye. Ine mwana wa Mvano ndinkangodutsa ndi moni basi. Koma tsiku lina atamva kuti ndili pafupi kumaliza sukulu ndipo ndilibe ngakhale chibwenzi anati khala apa tione mkazi wakoyo, ndipo poti lendi ndinali nditachedwa nayo sindinafune kukana.

Anafunsa zinthu zitatu, tsiku lobadwa, malo, ndi nthawi. Tsiku ndinanena, kumapeto kwa Ogasiti. Malo ndinati Mangochi, anavutika kuipeza koma anaipeza. Nthawi ndiye panagona nkhani, ndani kwathu amadziwa miniti yomwe anabadwa? Ndinati m'bandakucha. Anapukusa mutu nkuti chabwino tiyambe ndi chomwe sichifuna nthawi yeniyeni, anatsegula kalaputopu kawo kakale kali ndi pulogalamu ya Jagannatha Hora, nkulemba 5 koloko mongoyerekeza.

Chomwe anayamba nachocho ndi Darakaraka. Ndi njira yochokera ku chiphunzitso cha mphunzitsi wawo wakale Jaimini, ndipo kapezedwe kake nkosavuta moti ngakhale inu mutha kupanga. Thambo amaligawa zigawo 12, chilichonse madigiri 30. Ndiye mumatenga zomwe iwo amazitcha mapulaneti 7, Dzuwa, Mwezi, Mangala yemwe ndi Mars, Buda yemwe ndi Mercury, Guru yemwe ndi Jupiter, Shukira yemwe ndi Venus, ndi Shani yemwe ndi Saturn, nkuona kuti iliyonse yayenda madigiri angati mkati mwa chigawo chomwe ili, osalabadira kuti chigawocho ndi chiti. Yomwe ili ndi madigiri ambiri ndi Atimakaraka, imaimira iwe mwini. Yomwe ili ndi ochepetsetsa ndiyo Darakaraka, imaimira mkazi kapena mwamuna wako. Chenjezo limodzi lomwe a Kaka anabwereza, madigiri ake asakhale a nyenyezi za m'manyuzipepala zija, amwenye amachotsera madigiri pafupifupi 24 potsata muyeso wa Lahiri, ndipo ukaiwala kuchotsera mndandanda wonse umasokonekera.

Zanga zinatuluka chonchi, ndinazikopera kuseri kwa kope la sukulu. Shukira 27, Buda 26, Guru ndi Shani onse cha m'ma 15, Mangala 14, Dzuwa 11 ndi kakuposera, Mwezi 10. Ndiye Darakaraka wanga ndi Mwezi, uli m'chigawo cha Ng'ombe komwe amati Mwezi umakhala pa mphamvu zake zonse. A Kaka anamwetulira. Akuti mkazi wofatsa, wosamala anthu, wokonda pakhomo ndi kudyetsa alendo, wogwirizana kwambiri ndi mayi ake, koma mtima wake wosinthasintha, lero kuseka mawa kungokhala duu osadziwa chalakwika. Ndinati a Kaka, ameneyo ndi theka la atsikana a ku Mangochi. Anaseka koma sanatsutse.

Ndinafunsa kuti nanga nthawi ija tangoyerekezayi siisokoneza? Anati Mwezi ndi umene umathamanga, pafupifupi digiri imodzi pa maola awiri, pomwe Dzuwa limayenda digiri imodzi tsiku lonse. Anasuntha nthawi pa laputopu ine ndikuona, 4 koloko Mwezi, 6 koloko Mwezi, 8 koloko Mwezi, koma pofika 9 koloko Mwezi unali utapitirira Dzuwa ndipo Darakaraka anasanduka Dzuwa, mkazi wolamula wofuna ulemu. Poti ine ndinabadwa kusanache, apa panalibe vuto. Koma apa pomwe ndinazindikiranso kuti mwana aliyense wobadwa m'mawa umenewo, kaya ku Mangochi kaya ku Pune, Darakaraka wake ndi Mwezi womwewo, ndiye kaya tonsefe tinalembedwa akazi ofanana kaya.

Mdzukulu wawo wa a Kaka, mnyamata wa makompyuta yemwe amaphunzira Jotishi pa intaneti, anasuzumira nkunena kuti agogo mwasiya Rahu. Apa mpomwe ndinadziwa kuti eni akewo samvana. Ena amawerenga mapulaneti 7, ngati otsatira katswiri wa Jotishi K.N. Rao, ena amawerenga 8 kuphatikizapo Rahu, ngati a gulu la Sanjay Rath. Rahu si pulaneti yooneka, ndi malo pomwe njira ya Mwezi imadutsana ndi ya Dzuwa, ndipo poti amayenda chobwerera m'mbuyo madigiri ake amawawerenga chochotsera pa 30. Wanga anali pa 24 ndi theka, kuchotsera pa 30 kutsala 5 ndi theka, kuchepa kuposa Mwezi. Ndiye mwa njira ya mnyamatayo Darakaraka wanga ndi Rahu, kutanthauza mkazi wachilendo, wa mtundu wina kapena chipembedzo china, wosatsata za makolo. Mnyamata anandiyang'ana mwachinyengo nkuti bwana mukwatira konkuno. A Kaka anamuuza kuti akaone ngati tiyi wapsa.

Kenako tinafika pa mwini nyumba ya 7, ndipo apa nthawi ija inabwerera kudzandigwira pakhosi. Nyumbazi ndi zigawo 12 zija, koma amaziwerenga kuyambira pa lagina, chigawo chomwe chinkatuluka kum'mawa pa nthawi yomwe unabadwa. Nyumba ya 7 ndi yoyang'anizana nayo, kumadzulo, ndiyo ya ukwati, ndipo chigawo chilichonse chili ndi pulaneti yomwe ndi mwini wake. Lagina imasintha pafupifupi maola awiri aliwonse, ndipo tsoka langa inasintha cha m'ma 5 koloko momwemo. Isanakwane nthawi imeneyo lagina ndi Nkhanu, itapitirira ndi Mkango.

Poyamba zinaoneka ngati mwayi, chifukwa lagina ikakhala Nkhanu nyumba ya 7 ndi chigawo chotchedwa Makara, ikakhala Mkango nyumba ya 7 ndi Mtsuko, ndipo zigawo ziwiri zonsezi mwini wake ndi mmodzi, Shani. Ndinati basi zatheka. A Kaka anati ayi, kudziwa mwini nyumba ndi theka chabe, funso ndi lakuti mwini nyumbayo wakhala kuti. Shani wanga ali mu Mtsuko. Ngati lagina ndi Mkango ndiye kuti ali m'nyumba ya 7 momwemo, pakwawo, ali ndi mphamvu, ukwati wochedwa koma wolimba, mkazi wokhwima maganizo mwina wamkuluko kwa ine, wolimbikira ntchito, wosalankhula zambiri, wogwira ndalama ndi manja awiri. Koma ngati lagina ndi Nkhanu, Shani yemweyo wagwera m'nyumba ya 8, ya zobisika ndi zodzidzimutsa, ndipo mwini wa 7 akakhala m'menemo amati banja la zinsinsi, mikangano ya chuma ndi akuchikazi, mwinanso matenda. Pulaneti yomweyo, digiri yomweyo, kusiyana kwake theka la ola la usiku umodzi ku chipatala china ku Mangochi.

Ndinaimba kumudzi pa watsapu usiku womwewo. Amayi ndinawafunsa mozungulira, sindikanayerekeza kunena kuti ndi za nyenyezi. Anati iwe unabadwa amwazini akuitana ku mzikiti, ndikukumbuka bwino chifukwa ndinkati anthu akupita kokapemphera ine ndikufa kuno. Kuitana kwa m'bandakucha kumakhala kuposa ola limodzi dzuwa lisanatuluke, ndipo nyengo imeneyo kwathu dzuwa limatuluka chakumapeto kwa 5 koloko, ndiye zimenezo ndi Nkhanu. Koma azakhali omwe ankadikirira anali pompo, analanda foni nkuti ayi achemwali mwaiwala, amwazini anaitana inu mukadali pa ululu, mwana analira kunja kutayera ine ndikuona mitengo ya mango bwinobwino. Zimenezo ndi Mkango. Anakangana mpaka bandulo yanga inatha, ndipo pomaliza amayi anafunsa kuti kodi mwana wanga walowa chani kumeneko.

A Kaka nditawafotokozera anati zikatere timakonza nthawi poona moyo wa munthu. Anandifunsa chaka chomwe bambo anamwalira, chaka chomwe ndinachoka kwathu, ngati ndimakonda kutsogolera anzanga, anandiyang'ana mphumi ndi mapewa, nkugamula kuti Mkango, azakhali akulondola. Ine mpaka lero ndimaona kuti anasankha yomwe inali yabwino kuuza mlendo wokhala m'nyumba mwawo. Navamusha, tchati chachiwiri chomwe amati ndicho chenicheni cha ukwati, anakana kuchikhudza nkomwe, akuti lagina yake imasintha pa mamineti 13 okha ndiye ndi nthawi ya amwazini ndi mitengo ya mango kungakhale kunama. Pamenepo ndinawapatsa ulemu.

Chinatsala ndi chakuti akazi awiriwa safanana. Wa Mwezi ndi wofewa wokonda kucheza, wa Shani ndi wouma wa mawu ochepa, nanga ndikwatira mitala? A Kaka anati mwini nyumba ya 7 amaonetsa zakunja, mmene munthuyo adzabwerere, nthawi yake, mmene anthu adzamuonere ndi mmene banjalo lidzayendere, pomwe Darakaraka amaonetsa mtima wake ndi chomwe iwe udzaphunzire kwa iye. Ndiye akuti ndiyembekezere mkazi yemwe poyamba ndidzamuona ngati wovuta, wa nkhope ya ntchito, koma m'nyumba ndi mayi weniweni. Anawonjeza kuti zizindikiro ziwiri zikagwirizana iwo amalankhula motsimikiza, zikasemphana ngati zangazi amalankhula motsitsa mawu, ndipo sauza munthu kuti siya uyu tenga uyu chifukwa cha Darakaraka yekha.

Kunena zoona kuphatikiza kumeneku ndi komwe kunandichotsa chidwi, chifukwa wouma kunja wofewa mkati ndi chovala chokwana aliyense, ndipo akanakhala wofewa kunja wouma mkati akanangotembenuza. Masamu ake ndi enieni, madigiri aja mutha kuwatsimikiza, koma kuchoka pa madigiri 10 a Mwezi kufika pa mkazi wokonda kuphikira alendo palibe yemwe anandionetsa mlatho wake, ndi chikhulupiriro chawo basi. Komabe sindinaname, kwa miyezi ingapo mtsikana aliyense wosaseka mu laibulale ndinkamuyang'ana kawiri.

Kopelo ndinabwera nalo kumudzi pomaliza sukulu. Ntchito yoyamba ndinaipeza ku Lilongwe pa kampani ina ya zomangamanga, ndipo tsiku lachiwiri anandituma kukasiya malisiti ku akaunti. Ndinapezako mayi wina wachitsikana wa ku Rumphi, sanadzutse mutu nkomwe, anangoti malisiti opanda sitampa sindilandira achimwene, bwererani nawo. Za ameneyo ndi gawo 15.