Lachitatu: "Timangocheza, Madamu"

Nthawi ya Chichewa lero m'mawa ndinauza mnyamata wina wa m'kalasi langa la Sitandade 5 kuti awerenge ndime yoyamba. Mwanayu ndi wachibwibwi. Atangokakamira pa liwu loyamba, anyamata atatu a kumbuyo anayamba kumuyeseza, kalasi lonse n'kuphulika kuseka. Iyenso anaseka, kenako anatseka buku n'kukhala pansi. Nditawafunsa atatuwo, anayankha kuti, "Timangocheza, Madamu, onani nayenso akuseka."

Yankho limeneli ndi lomwe landisautsa tsiku lonse, chifukwa anawa amalikhulupiriradi. Kwathu kuno timakula ndi nthabwala. Asuweni amasereulana mpaka mlendo kuganiza kuti ayambana, agogo amatcha mdzukulu wawo "amuna anga". Choncho kuuza mwana kuti kusereula n'koipa ndi kumunamiza, ndipo sangakumvere. Chofunika n'kumuonetsa pomwe macheza amathera, nkhanza n'kuyambira.

Pa buleki, anzake ali pamzere wa phala, ndinamupeza mnyamatayu ali yekha m'kalasi. Ndinakhala naye pabenchi, osamuthamangitsa polankhula. Anandiuza kuti zimenezi zinayamba teremu yatha, kuti anamupatsa dzina lochokera ku chibwibwicho, ndipo tsopano ngakhale ana a Sitandade 2 amamuitana nalo pamsewu. Nditamufunsa chifukwa chomwe amasekera nawo, anati akakwiya kapena kulira ndiye amaonjeza. Apa ndi pomwe ife akuluakulu timapusitsidwa. Kuseka kwa mwana amene akunyozedwa si umboni woti akusangalala, nthawi zambiri amasekera kuti zithe msanga. Umboni weniweni umaoneka pambuyo pake: wasiya kukweza dzanja, akuthawa mzere wa phala, m'mawa akudandaula m'mimba kuti asapite kusukulu.

Phunziro la Laifi Sikilu ndinalisintha. Sindinatchule za m'mawa kapena dzina la munthu, poopa kumuika mwanayo pambalambanda kachiwiri. Ndinaitana ana awiri omwe amakonda kutsutsana za mpira, wina wa Maule, wina wa Manoma, kuti asereulane monga amachitira Lolemba lililonse. Anagemulana, kalasi n'kumaseka. Kenako ndinafunsa kuti aona chiyani. Mtsikana wina anati, "Aliyense amabweza." Ndinalemba pabolodi: Kodi mnzakoyo angathe kukubwezera? Wa Manoma akagonja lero, sabata yamawa ndi iye adzaseke. Koma anthu atatu akaunjikirana pa mmodzi, kapena wa Sitandade 8 pa wa Sitandade 3, kubweza kulibe.

Ndiye ndinanong'oneza wa Maule kuti mnzake akanena kuti "basi", iye apitirizebe. Anachitadi zomwezo, ndipo phokoso la kuseka linayamba kuzilala lokha. Ana anaona okha kuti zinthu zasintha, ngakhale mawu anali omwe aja. Funso lachiwiri linapita pabolodi: Akati "basi", umasiya? Pamenepa tinakhalitsa, chifukwa mnyamata wina anafunsa kuti, "Nanga ngati sananene?" Tinagwirizana kuti nkhope nayo imanena. Mnzako akazolika, akachokapo, kapena akasiya kuyankha, imeneyo ndi "basi" yake.

Funso lachitatu ndinalipereka ndekha: Kodi chomwe ukusekacho angachisinthe? Timu munthu amasankha. Chibwibwi, khungu lachialubino, chilema, umasiye, yunifolomu yazigamba, zimenezi mwana sanasankhe, ndipo pa zimenezi palibe nthabwala, ngakhale mwini wake ataseka.

Poweruka ndinatsalira ndi anyamata atatu aja, mmodzimmodzi, chifukwa akakhala pamodzi amalimbitsana mtima. Sindinawakwapule. Kupatula kuti chikwapu n'choletsedwa pasukulu, mwana wokwapulidwa amakabwezera panjira yopita kunyumba, komwe mphunzitsi kulibe. Sindinawauzenso kuti agwirane chanza ndi mnzawoyo pamaso pa kalasi, poti zimenezo zimaoneka ngati onse alakwa mofanana. Aliyense ndinamupatsa mafunso atatu aja kuti ayankhe za m'mawa. Awiri anavomera msanga. Wachitatu anaumirira kuti ndi macheza, mpaka nditamufunsa kuti mnzakeyo anamubwezerapo liti. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Sanabwezepo."

Nkhaniyi ndawafotokozera ahedi, ndipo tagwirizana kuti dzina lija likamvekanso tiitana makolo. Amayi a gulu loyang'anira ana pasukulu pano adzatithandiza kumva za panjira. Nambala ya 116, yomwe mwana angaimbe mwaulere akamachitiridwa nkhanza, ndailemba pakona ya bolodi. Mawa mnyamata uja adzawerenga ndime yomweyo kwa ine ndekha kalasi lisanayambe, ndipo tsiku lowerenga pamaso pa anzake adzasankha yekha.