Mwana amene sanalire Lachiwiri

Ndimagwira ntchito ya uphungu pamalo ena olerera ana ku Chawama mumzinda wa Lusaka, pamene amayi ogulitsa kumsika wa Soweto amasiya ana awo m'mamawa. Lolemba linangothera kulemba mayina a ana atsopano.

Lachiwiri kunabwera kamnyamata ka miyezi 14. Amake atatuluka sikanalire n'komwe, kanangotola galimoto yawaya n'kumasewera. Mlezi wathu anati, "Uyu ndiye mwana, savuta ayi." Ndinawauza kuti tidikire madzulo, chifukwa ine chimene ndimayang'ana kwambiri n'zimene mwana amachita mayi ake akabwerako.

Zimenezi tinaziphunzira kwa Mary Ainsworth, wofufuza za maganizo a ana, yemwe anayamba n'kuyendera mabanja ku Uganda cha m'ma 1954, kenako n'kukonza njira yoyesera ana ku Baltimore, ku America. Mayi amatuluka m'chipinda kawiri, kwa mphindi zosapitirira zitatu, n'kubwerera. Mwana wodalira mayi ake akhoza kulira mpaka kusasa mawu, koma akanyamulidwa amatonthola n'kubwerera kuzidole. Wina amakakamira kwinaku akumenya mayiyo, osatonthozeka. Ndiye pali wozemba, wongoyang'ana kumbali ngati kwalowa mlendo. Ofufuza atayeza ana oterewa anapeza kuti mtima umagunda mothamanga ngakhale nkhope ili phee. Kawirikawiri amakhala atazolowera kuti akalira palibe amabwera.

Madzulo amake atafika, kamnyamata kaja kanawaponyera diso kamodzi basi, n'kupitiriza kukankha galimoto. Mtima wanga unati myuu.

Lachitatu ndinali ndi bambo wina amene akazi awo amadandaula kuti mkangano ukangoyamba amatseka pakamwa n'kuchoka panyumba masiku awiri. Mu 1987 ofufuza Cindy Hazan ndi Phillip Shaver analemba kuti akuluakulu pachikondi amaonetsanso mitundu itatu yomweyi. Komabe sindinawauze bambowo kuti zonse zinachokera kumbuyo kwa amayi awo. Kugwirizana kwa ukhanda ndi banja la munthu kulipo koma n'kochepa. Imfa ya kholo, kutha kwa ukwati, kapena kupeza mnzako woleza mtima zimasintha munthu panjira. Tinangogwirizana kuti akafuna kuchoka azinena nthawi yobwerera.

Lachinayi ndinakhala pansi ndi amake kamnyamata kaja. Sindinafune kuwaweruza ndi tsiku limodzi, pakuti khomo la sukulu yamkaka si chipinda choyesera.

"Mayi, usiku mwanayu akadzuka amamunyamula ndani?"

"Agogo ake. Ine ndimanyamuka 4 koloko kukapikula tomato."

Ndinawapempha kuti mawa lake adzamutenge agogowo. Lachisanu agogowo atangoonekera pageti, mwana anaponya galimoto ija, n'kulira kulira kwenikweni, manja m'mwamba. Atam'bereka, pasanathe mphindi ziwiri anali akuseweretsa mpango wawo. M'buku langa ndinafufuta zimene ndinalemba Lachiwiri. Amake ndawapempha kuti kum'sambitsa madzulo ndi kum'goneka ikhale ntchito yawo, tidzaonanenso pakatha mwezi.