Lachitatu: funso limene linawatseka pakamwa

Lero cha m'ma 10 koloko m'mawa anandiimbira foni mayi amene angoyamba kumene ntchito kwathu. Ndi aakulu kwa ine, ndipo zowerengera za pa pepala amazidziwa kuposa ine, koma Excel, pulogalamu ya pa kompyuta yowerengera manambala, aiyamba sabata yatha yomweyi. Mawu awo anali ochepa: "Achimwene, chinthu chija sichikuwonkhetsa bwino."

Ine ndinali pakati pa ntchito ina, ndiye pakamwa panangotuluka kuti, "Mwapanga bwanji?"

Anakhala chete kaye. Kenako anati, "Mwina ndalakwitsa ineyo. Musavutike, ndiyambiranso." Foni n'kudula.

Ndinatsala ndikuyang'ana foniyo, mtima ukundiwawa. Ine ndimafuna kudziwa masitepe amene anatsata, koma iwo anamva ngati ndikuti "mwawononga chiyani?" Ndipo sanalakwe kumva choncho. Funso loti "mwapanga bwanji" tonse tinalimva koyamba tili ana, mbale itasweka. Munthu amene akudzikayikira kale akalimva, saganizanso za kompyuta. Amayamba kufuna podzitetezera, kapena pothawira. Komanso kuyambiranso kumene ananenako sikukanathandiza, chifukwa akanalemba chimodzimodzi n'kupezanso yankho lolakwika lomwelo.

Nditadikira pang'ono ndinawaimbira. Ulendo uno ndinasamala kuti funso lililonse likhale lokhudza zimene zili pa sikirini, osati zimene manja awo anachita. Ndinati, "Mayi, pepani, ndinayankha mothamanga. Ine sikirini yanu sindikuiona, ndiye mukhale maso anga. Pamene pakutuluka yankho pakuoneka nambala yanji, nanga inu mumayembekezera yanji?"

Apa mawu awo anasintha. Anati pakuoneka 1290, koma iwo atawonkhetsa pa pepala anapeza 4990. Funso limeneli ndalikonda chifukwa lili ndi mbali imene munthu woyamba kumene amaiyankha molimba mtima. Zimene amayembekezera amazidziwa bwino, ndipo pozinena amakumbuka kuti si mbuli, ntchito yake akuidziwa, chida chokha ndicho chachilendo.

Funso lotsatira linali pafupi kundipulumuka molakwika. Ndimafuna kunena kuti, "Kodi fomula munalemba bwino?" Koma tangoganizani, munthu angayankhe chiyani pamenepo? Akanadziwa kuti sanalembe bwino akanakonza kale. Akati "eya" ine sindinaphunzirepo kanthu, akati "kaya" wadzichotsa ulemu yekha. M'malo mwake ndinawapempha kuti adine kabokosi ka yankho n'kundiwerengera zolembedwa pamwamba, chilembo ndi chilembo. Anawerenga:

```
=SUM(B2:B5)
```

Fomula inali yolondola ndithu, ndipo ndinawauza pomwepo kuti, "Imeneyi mwailemba bwino, vuto lili kwina." Sindinanene zimenezi pofuna kuwasangalatsa. Zinali zoona, ndipo zinatithandiza tonse awiri kusiya kukayikira malo olakwika.

Kenako ndinawapempha manambala anayi aja. Anatchula 1200, 850, 2500 ndi 440. Ndinawonkhetsa 850 ndi 440 pakapepala, n'kupeza 1290 yeniyeni. Apa ndinadziwa kuti Excel ikudumpha manambala awiri akuluakulu aja, ndipo chimene chimachititsa zimenezi kawirikawiri n'chakuti ikuwatenga ngati mawu. SUM ikapeza mawu m'timabokosi timene yauzidwa kuwonkhetsa, sidandaula, imangowasiya n'kupitirira. N'chifukwa chake vutoli limazunguza anthu: palibe uthenga uliwonse wochenjeza, yankho limangochepa.

Tsono ndikanafunsa kuti, "Manambalawo ali ngati mawu kapena ngati manambala?" ndikanawataya. Kwa iwo 1200 ndi nambala, palibenso china, ndipo funso lotere likanamveka ngati mayeso. Ndinafunika funso limene maso okha angayankhe. Excel, ngati munthu sanasinthe kalikonse, imakankhira manambala kumanja kwa kabokosi, mawu kumanzere. Ndiye ndinati, "Pali chinthu chimene Excel imachita mosauza munthu, ndikufuna tione ngati ndi chimenecho. Manambala anayiwo onse atsamira mbali imodzi ya timabokosi, kapena ena ali kumanzere ena kumanja?"

"Iii, awiri ali kumanzere," anatero. "1200 ndi 2500."

Mwaona kuti m'funsomo mayankho onse awiri ndi abwino. Palibe limene likuwaika pa mlandu. Ndaonanso kuti kunena chifukwa chimene ndikufunsira kumachotsa mantha ambiri. Munthu akapanda kudziwa kumene funso likulowera, amaganiza kuti likulowera kwa iye.

Chotsala chinali kudziwa chimene chinasandutsa awiriwo kukhala mawu. Ndinawapempha adine B2, kabokosi kamene munali 1200, n'kundiuza ngati pakati pa 1 ndi 200 pali chilichonse, kaya kadontho, kaya mpata. Anati pali mpata, chifukwa ndi mmene amalembera masauzande pa pepala kuti aziwerengeka msanga. Chizolowezi chabwinobwino, ndipo m'mabuku ambiri amalemba choncho. Kungoti pa kompyuta yawoyo, mmene inakonzedwera, mpata sutengedwa ngati cholekanitsa masauzande. Ndinawauza zimenezo momwemo. Kuti adzionere okha, ndinati alembe izi m'kabokosi kopanda kanthu:

```
=ISNUMBER(B2)
```

Inayankha FALSE, kutanthauza kuti zimene zili mu B2 si nambala. Atachotsa mpata uja inasintha kukhala TRUE, 1200 n'kudumphira kumanja. Wachiwiriyo anakonza okha ndisananene, ndipo ndinamva akuseka chapansipansi yankho litafika pa 4990.

Pali kanthu kena kamene ndinadzigwira nako kawiri konse pa foni imeneyi, kamawu kakang'ono ka "ngo". "Mungodina apa." "Mungochotsa mpatawo." Ife timakanena pofuna kupeputsa ntchito, koma kwa munthu amene walimbana ndi chinthu kwa ola lathunthu, kamamuuza kuti wavutika ndi chinthu chachabechabe. Mawu oti "n'zophweka" amachitanso chimodzimodzi. Ngakhale kufewetsa mawu mopitirira muyeso ndikuona kuti n'kunyoza kwa mtundu wina. Mayiwa ndikanayamba kuwalankhula pang'onopang'ono ngati mwana, kapena kuwayamikira pa kudina kulikonse, akanazindikira msanga. Samafuna kunyengereredwa. Amafuna funso lomveka, limodzi pa nthawi, ndi nthawi yokwanira yoyang'ana asanayankhe. Kudikirako ndiko kunandivuta kwambiri, chifukwa yankho ndinali nditaliona kale ndipo lilime limayabwa.

Tisanadule foni ndinatsala pang'ono kufunsa kuti "Mwamva?" Funso limenelo yankho lake limakhala "eya" nthawi zonse, kaya munthu wamva kaya sanamve, chifukwa kunena kuti ayi kumakhala ngati ukunyoza wokuphunzitsayo. Ndinati, "Mawa yankho likachepanso chonchi, muyamba kuyang'ana pati?" Anayankha kuti ayang'ana ngati pali nambala yotsamira kumanzere.

Madzulo ndikulongedza, uthenga wawo unalowa. Apeza manambala ena 14 a mipata m'tsamba lina, ndipo amafunsa ngati pali njira yochotsera yonse pakamodzi. Ndawalembera kuti asankhe mzere wotsika wa manambalawo wokha, kuti mipata ya m'maina isachoke nawo, adine Ctrl+H, m'bokosi loyamba aike mpata umodzi, lachiwiri alisiye lopanda kanthu, kenako Replace All. Ndawonjezera kuti ena akakanirabe kumanzere andiuze kuti ndi ati, chifukwa manambala okopera pa intaneti nthawi zina amabwera ndi mpata wa mtundu wina umene njirayi siugwira. Ati ayesa mawa m'mawa akangofika.